Zimene Amauzidwa Ophunzira Mfuti Isanalire

Munthu akafika koyamba pabwalo lophunzirira kuwombera, sapatsidwa mfuti nthawi yomweyo. Kaya ndi ku America, ku Britain kapena ku South Africa, kumene lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limafuna kuti munthu ayambe waphunzira ndi kupeza chikalata cha luso asanapemphe laisensi, chiyambi chimakhala chimodzi. Ophunzira amaima kumbuyo kwa mzere, mfuti zili gone patebulo, ndipo woyang'anira chitetezo pabwalopo amawalankhula kwa mphindi zingapo. Za kulasa chandamale sanena zambiri. Chimene amafuna n'chakuti wophunzira aliyense adziwiretu zochita ndi manja ake pamene chinthu chamudzidzimutsa, chifukwa munthu wodzidzimuka saganiza, amangochita chimene thupi linazolowera.

Maziko a malangizowa ndi malamulo anayi amene anatchuka kudzera mwa Jeff Cooper, msilikali wakale wa ku America amene anatsegula sukulu ya mfuti ku Arizona mu 1976. Mfuti iliyonse muziitenga ngati ili ndi chipolopolo. Kukamwa kwake kusaloze chinthu chimene simukufuna kuchiwononga. Chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka mutalunjika chandamale. Ndipo mudziwe bwino chimene mukuwombera, ndiponso chimene chili kuseri kwake. Malamulowa anapangidwa kuti azitchinjirizana. Wina akaiwala kuchotsa chala mfuti n'kulira mwangozi, koma kukamwa kwake kunaloza kutsogolo, chipolopolo chimakathera pachimulu cha dothi chimene chimakhala kuseri kwa chandamale, anthu n'kungopuma mwamantha. Maliro amabwera pamene malamulo awiri aswedwa nthawi imodzi.

N'chifukwa chake woyang'anira amachedwa kwambiri pa nkhani ya kumene mfuti yaloza. Amasonyeza chimulucho ndi dzanja n'kunena kuti mbali yabwino ndi iyo yokha. Kumwamba si kwabwino, pakuti ngakhale chipolopolo chaching'ono cha .22 chingathe kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Pansi pasimenti sipabwinonso, chifukwa chipolopolo chimanjanja n'kubwerera kwa anthu. Vuto la ophunzira atsopano ndi pisitolo, mfuti yaing'ono yam'manja: ndi yaifupi, moti kungopinda dzanja pang'ono kukamwa kwake kwaloza kale mnzanu wapambali. Kawirikawiri zimachitika pamene munthu walasa pakati penipeni, n'kutembenuka mwachisangalalo kuti anzake aone, mfuti ikutembenuka naye limodzi. Woyang'anira amati mukafuna kulankhula ndi aliyense, tembenuzani khosi lokha, kapena yambani mwaika mfuti patebulo. M'mipikisano ya pisitolo lamuloli ndi lolimba zedi: amene wapatutsa mfuti mpaka kuyamba kuloza chakumbuyo amachotsedwa mumpikisano wonse, ngakhale kuti sanawombere.

Kenaka amasonyeza kachotsedwe ka zipolopolo, ndipo apa dongosolo lake ndilo nkhani yonse. Pisitolo zambiri zimasunga zipolopolo m'kabokosi kolowa m'chigwiriro, kamene amati magazini. Koma chipolopolo chimodzi chimakhala chitakwera kale m'kachipinda ka kumbuyo kwa mpope, chikudikira kuwomberedwa. Kuchotsa magazini sikuchichotsa chimenecho. Choncho mumayamba mwatulutsa magazini, kenaka n'kukokera kumbuyo chitsulo chapamwamba kuti chipolopolo cham'kachipinda chigwe, n'kusiya chitsulocho chili chotsegula, n'kusuzumira mkati kuti muone ndi maso anu kuti mulibe kanthu. Mukasemphanitsa, n'kuyamba kukoka chitsulo magazini ikadali momwemo, chipolopolo chimodzi chimagwadi pansi ndipo mtima umakhala m'malo, koma chitsulo pobwerera chimatola china n'kuchilowetsa m'kachipinda. Mukatulutsa magazini pamenepo, muli ndi mfuti yooneka yopanda kanthu koma yokonzeka kupha. Mawu akuti "ndimayesa mulibe chipolopolo" nthawi zambiri amachokera pa kusemphanitsa kumeneku. Mabwalo ambiri amapereka kapulasitiki kowala, kachikasu kapena kofiira, kolowetsa m'kachipindamo, kuti aliyense aone ali patali kuti mfutiyo ndi yotsegula.

Pabwalo pamakhala nthawi ziwiri zokha, yowombera ndi yosawombera, ndipo amene amalengeza ndi woyang'anira. Akalamula kuti kuwombera kuime, aliyense amachotsa zipolopolo, kusiya mfuti yotsegula patebulo n'kubwerera kumbuyo kwa mzere. Woyang'anira amayendera mfuti iliyonse, ndipo akakhutira m'pamene amalola anthu kupita kutsogolo kukaona kapena kusintha mapepala a chandamale. Nthawi yonse imene kutsogolo kuli munthu, palibe wokhudza mfuti, ngakhale yopanda kanthu, ngakhale kungofuna kuipukuta kapena kuilonga m'chikwama. Amene ali uko kutsogolo sangadziwe kuti mfuti yanu ilibe kanthu. Iye amangoona munthu atagwira mfuti kumbuyo kwake. Ulemu wa pabwalo umayambira pamenepo, ndipo umafikanso pa zina zing'onozing'ono: osagwira mfuti ya mwini wake osapempha, osamulankhulitsa munthu amene akulunjika, ndiponso osadumpha mzere kukatola chinthu chimene chagwera kutsogolo kuwombera kuli mkati.

Pali lamulo limodzi lokha limene si la woyang'anira yekha. Kufuula kuti "Lekani kuwombera!" n'kwa aliyense, ngakhale wophunzira amene wafika lero lomwe. Mukaona munthu, galu kapena galimoto kutsogolo, mumafuula osayamba mwapempha chilolezo, ndipo onse akumva amabwereza mawuwo kuti afike kumapeto kwa mzere, popeza makutu a anthu amakhala otsekedwa. Womva amachotsa chala pomwepo, mfuti ikulozabe kutsogolo, n'kudikira. Chipolopolo chimene anali atatsala pang'ono kuwombera sachimaliza. Woyang'anira wabwino amawatsimikizira ophunzira kuti wofuula molakwitsa sadzudzulidwa, pakuti manyazi ndi amene amatseka pakamwa anthu atsopano.

Mbali imene ophunzira ambiri saiyembekezera ndi ya mfuti yokana. Mukakoka kachitsulo n'kungomva kuti "kha", mfuti osalira, musaitembenuze kuti muone chavuta. Mwina chipolopolocho n'chakufa, koma mwinanso onga ukuchedwa kuyaka ndipo chiphulika pakapita kamphindi. Mfuti izilozabe chandamale kwa masekondi 30, kenaka muimike dzanja lopanda mfuti kuitana woyang'anira. Choopsa kuposa apa ndi mfuti yolira motsitsa, ngati kutsegula botolo la zakumwa, osakankha dzanja monga mwa nthawi zonse. Zikatero, ndiye kuti m'chipolopolomo munali onga wochepa kapena munalibiretu, ndipo mutu wake wakakamira pakati pa mpope. Chotsatira chikauwomba kumbuyo, mpope umatupa kapena kung'ambika m'manja mwa wowombera.

Vuto lachiwirili ndi limene linapha Brandon Lee, mwana wa Bruce Lee, pa 31 Malichi 1993 akujambula filimu ya The Crow ku Wilmington m'chigawo cha North Carolina. Ojambula anafuna zipolopolo zongoonetsa, choncho anachotsa onga m'zipolopolo zenizeni, koma kachoyatsira ka kumbuyo kwa khoko kanatsala kamoyo. Kachitsulo katakokedwa, mphamvu yochepayo inakankhira mutu wa chipolopolo mumpope, n'kukakamira momwemo popanda woona. Pambuyo pake m'mfuti yomweyo anaikamo chipolopolo chongolira, chokhala ndi onga koma chopanda mutu. Onga uja unatulutsa mutu wotsalira mumpope ndi mphamvu yofanana pafupifupi ndi chipolopolo chenicheni, n'kumulasa pamimba. Anali ndi zaka 28. Pakanapezeka wina woyang'ana mumpope mfutiyo isanagwiritsidwenso ntchito, akanauona. Pabwalo lophunzirira yankho lake ndi lomwelo: mfuti ikalira mwachilendo, lekani, chotsani zipolopolo, ndipo woyang'anira alowetse kandodo mumpope kuti atsimikize kuti mulibe chotsalira.

Ngakhale za zovala zimakambidwa, ndipo si nkhani ya kutchena. Pisitolo ikalira imataya khoko lamkuwa chakumanja, lili lotentha moti limawotcha khungu. Likagunda khoma limatha kugwera m'kolala, m'bulauzi yotsegula pachifuwa, pakati pa zala za wovala patapata, kapena kuseri kwa magalasi. N'chifukwa chake amafuna malaya otseka m'khosi, nsapato zotseka, magalasi oteteza maso ndi chipewa chamlomo. Mu Julaye 2016 ku Sarasota, m'chigawo cha Florida, bambo wina akuwombera pamodzi ndi ana ake, khoko lotentha linanjanja pakhoma n'kumugwera m'malaya kumsana. Anapititsa dzanja kumbuyo kuti alichotse, dzanja lomwe linagwira mfuti, chala chikadali pa kachitsulo. Mfuti inalira, ndipo mwana wake wa zaka 14 amene anaima kumbuyo anamwalira. Malamulo awiri anasweka m'kanthawi kochepa, chifukwa cha kabala kamene kakanapola pamasiku owerengeka. Woyang'anira amanena mosabisa kuti khoko lidzakuwotchani tsiku lina, ndipo likatero mupirire, muchotse chala, muike mfuti patebulo ikuloza kutsogolo, kenaka muzikutumula malaya.

Makutu ndi manja amazitchula chakumapeto. Pisitolo ya mamilimita 9 imalira pafupifupi madesibelo 160, pamene phokoso ladzidzidzi lopitirira 140 limatha kuwononga makutu ngakhale kamodzi kokha, ndipo makutu owonongeka motero sachira. Zotsekera m'makutu zimavalidwa musanalowe ndipo zimavulidwa mutatuluka; m'mabwalo a m'nyumba ambiri amaphatikiza zolowetsa mkati ndi zovindikira kunja. Utsi ndi fumbi la zipolopolo zimakhala ndi mtovu, choncho pamzere sadyerapo, samwerapo, sasutirapo fodya, ndipo potuluka aliyense amasamba m'manja ndi sopo. Amene wamwa mowa samulola n'komwe kuyandikira mzere.

Woyang'anira akamaliza amafunsa ngati pali funso, ndipo ena amauza wophunzira mmodzimmodzi kuti asonyeze kachotsedwe ka zipolopolo ndi mfuti yopanda kanthu. Ngati tsiku lina mudzaime pamzere umenewo, funsani chimene simunamve mfuti ikadali patebulo. Ndipo mukadzafika pabwalo pamene akukupatsani mfuti popanda kukuuzani mbali yolozako, lamulo loimitsira kuwombera ndi zochita mfuti ikakana, bwezani mfutiyo muzipita.