Odzi ikawirikiza, malungo sawirikiza

Malipoti a zaumoyo amakonda kunena kuti ana a gulu lakuti ali ndi "odzi reshiyo ya 2", ndipo ambiri timangomva kuti chiopsezo chawo chawirikiza kawiri. Nthawi zambiri sizili choncho.

Nambalayi imachokera ku lojisitiki rigiresheni, njira yowerengera zinthu za mayankho awiri okha: wadwala kapena sanadwale, wabweza ngongole kapena sanabweze. Kompyuta ikamaliza ntchito sipereka mapelesenti. Imatulutsa manambala otchedwa logi odzi, omwe munthu ayenera kuwamasula yekha.

Tiyerekeze kafukufuku wa malungo mwa ana. Manambalawa ndi ongophunzirira. Pa ana 100 ogona m'neti, 25 apezeka ndi malungo, 75 alibe. Mwayi wodwala ndi 25 pa 100, koma odzi imayerekeza odwala ndi osadwala: 25 kugawa ndi 75, yomwe ndi 0.33. Apa kompyuta idzalemba -1.10 ngati poyambira, chifukwa imeneyo ndiye logi ya 0.33. Tinene kuti pa mzere wa "sagona m'neti" yalemba 0.69.

Kumasula 0.69 n'kosavuta. Mu Excel lembani `=EXP(0.69)`, mupeza pafupifupi 2. Imeneyo ndiye odzi reshiyo: odzi ya mwana wopanda neti ndi kawiri ya mnzake uja. Nambala ya kompyuta ikanakhala ndi chizindikiro chochotsera, reshiyo ikanatsika pansi pa 1, kusonyeza chinthu choteteza. Ikanakhala 0, reshiyo ikanakhala 1 ndendende, palibe kusiyana.

Koma mayi wa mwana safunsa za odzi. Funso lake n'lakuti, pa ana 100 onga wangayu angadwale ndi angati? Poyankha, timayamba taphatikiza: -1.10 ndi 0.69 zipereka -0.41. Kenako `=EXP(-0.41)` itipatsa odzi ya 0.66. Pomaliza timagawa odziyo ndi 1 wophatikiza odzi yomweyo: 0.66 kugawa ndi 1.66, yankho 0.40. Ana 40 pa 100.

Taonani tsono: kuchoka pa 25 kufika pa 40, osati 50. Odzi yawirikizadi, koma chiopsezo chakwera ka 1.6 basi.

Kusiyanaku kumadalira kuchuluka kwa matendawo poyambira. Akanakhala osowa, ogwira ana 2 pa 100, reshiyo yomweyi ikanawafikitsa pafupifupi pa 4, ndipo wonena kuti "kawiri" sakananama kwenikweni. Kudera kumene theka la ana limadwala kale, 50 imangofika pa 67. N'chifukwa chake ndimakayika ndikaona lipoti lopereka odzi reshiyo yokhayokha pa matenda ofala ngati malungo, osanena kuti pagulu loyerekezeralo odwala anali angati. Popanda nambala yoyambirayo, ngakhale katswiri sangakuuzeni pelesenti.