Akakukanani ntchito, afunseni funso limodzi

Kalata yokana ikafika, musayankhe tsiku lomwelo mtima ukadali m'mwamba. Dikirani masiku awiri kapena atatu, koma sabata isathe, chifukwa amene anakufunsani amaiwala msanga, ngakhale kuti mapepala amene analembapo malikisi amakhala akadali m'failo.

Lemberani amene anakuitanani, mwachidule. Athokozeni, kenaka funsani chinthu chimodzi: ndi yankho liti limene linakugwetsani? Mukafunsa kuti "Bwanji simunanditenge?" amaganiza kuti mukuyamba mlandu, ndipo amangoti panali wina wokuposani. Ambiri sayankha n'komwe. Musawakakamize.

Tiyerekeze mayi wofuna ntchito yosunga katundu m'sitolo yaikulu. Amuuza kuti mayankho ake analibe zitsanzo. Atafunsidwa zimene amachita katundu akasowa, iye anangoti ndi munthu wosamala. Pamenepo ndiye panathera malikisi, pakuti aliyense amanena zomwezo. Chofunika n'kukumbukira tsiku lenileni: buku linkasonyeza matumba a simenti 200, m'nyumba yosungiramo munali 188, iye anatsata malisiti n'kupeza kuti matumba 12 anatuluka osalembedwa, ndipo kuyambira pamenepo katundu satuluka popanda siginecha. Nkhaniyo aiyeserere mokweza pamaso pa mnzake mpaka izitha m'mphindi ziwiri.

Si ndemanga iliyonse yofunika kuithamangira. Ya munthu mmodzi ikhoza kukhala kukonda kwake chabe, koma mabwana awiri osadziwana akatchula vuto limodzi, yambani kukonza limenelo.