Kuuza wodwala za khansa mofatsa popanda kusintha zomwe lipoti lanena

Lipoti la zotsatira za kuyeza kanyama kochotsedwa m'thupi la wodwala, komwe achipatala amati bayopuse, nthawi zambiri limakhala mizere yowerengeka yolembedwa m'Chingerezi cha madokotala, ndipo amene amalilemba ndi katswiri yemwe sanamuonepo wodwalayo. Kwa anthu a m'chigwa cha Dedza, kuyambira ku Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, mtunda wa pakati pa wolemba ndi mwini nkhani ndi wautali ndithu, chifukwa malo oyezera tinyama totere ali m'mizinda, monga labotale ya pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, yomwe idatsegulidwa mu 2011 mothandizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi yunivesite ya North Carolina. Pepala likafika kumunsi kwa phiri, ntchito yolimasulira imagwera namwino kapena kiliniko ofesa, yemwe ayenera kulankhula Chichewa chosaswa mtima koma chosasiyana ndi zomwe zalembedwa.

Vuto loyamba lili m'mawu omwe anthu adazolowera. Liwu loti chotupa limatchula chithupsa, chotupa cha mafuta chosaopsa, komanso khansa yeniyeni, ndipo liwu loti chilonda limapatsa womva chithunzi cha bala lomwe limapola likatsukidwa ndi kupakidwa mankhwala. Wachipatala amene wauza mayi kuti “muli ndi kachilonda pa khomo la chiberekero” sananame kwenikweni, koma wasiya mayiyo akukhulupirira chinthu chomwe lipoti silinanene, ndipo zotsatira zake zimaoneka pa ulendo. Munthu amene akuganiza kuti ali ndi kachilonda sangagulitse mbuzi kuti apeze ndalama yokwerera msewu wa Khwekhwerere kupita ku Dedza kapena ku Lilongwe sabata yomweyo, koma amayamba wadikira kuti akolole, pomwe matendawo sadikira. Liwu loti khansa nalonso lili ndi katundu wake, popeza ambiri amalimva ngati chigamulo cha imfa, makamaka chifukwa odwala omwe adawaona m'mudzi adapezeka nayo itafika kale patali. Choncho kufatsa kuyenera kuoneka pa malo okambirana, pa dongosolo la mawu ndi pa liwiro lake, pomwe zinthu zitatu za m'lipoti siziyenera kusinthidwa: dzina la matenda, kutsimikizika kwa zotsatira, ndi malire a zomwe kuyezako kwaonetsa.

Khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndi khansa yofala kwambiri pakati pa amayi m'Malawi, imaonetsa bwino kufunika kwa dzina lolondola. Matendawa amayamba ndi kachilombo ka HPV, komwe kakakhalitsa kamasintha maselo, tizidutswa ting'onoting'ono topanga thupi, a pamwamba pa khomo la chiberekero. Lipoti likalemba kuti CIN 1, CIN 2 kapena CIN 3, likunena za maselo osinthika omwe akadali pa khungu lapamwamba ndipo sanaboole kulowa mkati mwa mnofu. Imeneyi si khansa ayi, ngakhale CIN 3 ili pafupi nayo ndipo imafunika kuchotsedwa msanga, kaya potentha malowo ndi kachipangizo kapena podula kachigawo kochepa ndi kawaya ka magetsi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limanena kuti kusinthaku kumatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kufike pa khansa, koma kwa mayi yemwe chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakulandira mankhwala, kumatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Womasulira amene watchula CIN 3 kuti khansa waopseza munthu ndi matenda omwe alibe, pomwe amene watchula khansa yolowa mkati kuti “zizindikiro chabe” wamuchedwetsa pa nthawi yomwe mwezi uliwonse uli ndi mtengo wake. Chichewa chokhulupirika pa CIN 3 chingakhale chakuti: “Mayi, khansa sinapezeke, koma papezeka kusintha komwe kukasiyidwa kungathe kusanduka khansa, ndipo kusinthako kumachotseka.”

Chinthu chachiwiri ndi kutsimikizika kwa zotsatira. Akatswiri oyeza tinyama amasankha mawu mosamala, ndipo pali kusiyana pakati pa lipoti lonena kuti khansa yapezeka, lonena kuti zooneka zikukayikitsa kuti ndi khansa, ndi lonena kuti kanyama kotumizidwa kadali kochepa kapena kowonongeka moti sikadathe kuwerengeka. Lipoti lachitatuli ndi lomwe limasocheretsa kwambiri, chifukwa ndi kosavuta kulifupikitsa ndi mawu oti “sadapeze kanthu,” omwe wodwala amawamva ngati chilolezo chobwerera kumudzi ali wokondwa. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti funso silinayankhidwe, ndipo kanyama kena kayenera kutengedwanso. Chimodzimodzinso kuyeza kwa viniga komwe kumachitika m'zipatala zambiri, pomwe namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuona ngati pena payera, ndi kusefa chabe kofuna kupeza oyenera kuunikidwa mozama, ndipo kuyera kwa malowo sikutanthauza kuti munthu ali ndi khansa.

Chachitatu ndi malire a lipoti, ndipo apa ndi pomwe manambala awiri osiyana amasokonezedwa kawirikawiri. Giredi imanena za maonekedwe a maselo pa makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono, kuti asiyana motani ndi maselo abwino, pomwe siteji imanena za pomwe matenda afika m'thupi. Kanyama kakang'ono kotsinidwa pa chotupa kamatha kuonetsa mtundu wa khansa ndi giredi yake, koma sikaonetsa kuti chotupacho chayala mpaka pati, chifukwa zimenezi zimadziwika dokotala akapima wodwala ndi kumujambula. Pa dongosolo la FIGO, lomwe limagwiritsidwa ntchito pa khansa imeneyi, siteji 1 ndi khansa yomwe ikadali pa khomo la chiberekero pokha, siteji 2 yatulukira kunja kwa chiberekero koma sinafike ku khoma la chiuno, siteji 3 yafika ku khomalo, kumunsi kwa njira yoberekera, ku anabele a m'chiuno kapena yatseka njira ya mkodzo yochokera ku impso, pomwe siteji 4 yalowa m'chikhodzodzo, m'matumbo akumunsi kapena ziwalo zakutali. Wachibale wodziwa kuwerenga akaona nambala 3 pafupi ndi liwu la giredi n'kulengeza kuti matenda ali pa siteji 3, banja limayamba kulira pa chinthu chomwe palibe dokotala adanena.

Momwe mfundo zitatuzi zimagwirira ntchito pamodzi zingaoneke pa chitsanzo chongoyerekeza cha mayi wa zaka 46 wochokera kufupi ndi Golomoti, yemwe wakhala akutaya magazi pakati pa msambo kwa miyezi isanu, ndipo lipoti lake labwera likunena kuti ndi khansa ya maselo a pamwamba pa khomo la chiberekero, yolowa kale mkati mwa mnofu, ya giredi 2. Dongosolo lodziwika bwino lofotokozera nkhani zowawa, lotchedwa SPIKES, lomwe Walter Baile, Robert Buckman ndi anzawo adafalitsa mu 2000, limayamba ndi kukonza malo, kenako kufufuza zomwe wodwala akudziwa kale ndi zomwe akufuna kumva, nkhaniyo isanatchulidwe. Motero namwino amatseka chitseko, amakhala pa mpando wofanana msinkhu ndi wa mayiyo, ndipo amafunsa: “Mayi, pomwe ankatenga kanyama kaja, adakuuzani kuti akufufuza chiyani?” Yankho lake limaonetsa mawu omwe mayiyo amagwiritsa ntchito komanso mantha omwe wabwera nawo. Kenako pamabwera chenjezo lalifupi, lakuti zotsatira zabwera ndipo si zomwe onse ankayembekezera, ndiyeno dzina lenileni m'chiganizo chimodzi: “Kanyama kaja kaonetsa kuti pa khomo la chiberekero pali khansa.”

Pambuyo pa chiganizo chimenechi namwino waluso amakhala chete, ngakhale mayiyo atawerama n'kuyamba kupinda ngodya ya chitenje chake, chifukwa mawu onenedwa m'mphindi zimenezi samveka. Funso lomwe limatsatira nthawi zambiri ndi lakuti, “Ndiye kuti ndifa, adokotala?” ndipo apa ndi pomwe chifundo chimakokera wachipatala ku lonjezo lakuti “muchira, musadandaule,” pomwe lipoti silinanene zoti achira kapena sachira. Yankho lokhulupirika limatchula chomwe chadziwika ndi chomwe chatsala: “Pepalali latiuza dzina la matenda, koma silinatiuze pomwe afika. Zimenezo akaziona ku chipatala chachikulu, ndipo khansa imeneyi ikapezeka isanayale imachizika. N'chifukwa chake ulendowu suyenera kudikira.” Asanatuluke, mayiyo amapemphedwa kuti abwereze m'mawu akeake zomwe akawauze a kunyumba, ndipo akanena kuti “andipeza ndi kachilonda,” namwino amadziwa kuti uthenga sunafike ndipo amaubwereza mofatsa. Dzina la matenda, tsiku la ulendo ndi chipatala chopitako zimalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala.

Pali nkhani inanso ya achibale. M'mabanja ambiri a m'chigwachi matenda aakulu sakhala a munthu mmodzi, ndipo mwamuna, gadiyani kapena mwinimbumba amatha kukokera wachipatala pambali n'kupempha kuti wodwala asauzidwe, poopa kuti ataya mtima. Pempholi limachokera pa chikondi ndipo siliyenera kunyozedwa, koma mwini zotsatira ndi wodwalayo, choncho njira yoyenera ndi kumufunsa iye mwini kuti akufuna kumva yekha, pamodzi ndi yani, kapena akufuna kuti wina amumvere. Wodwala wobisiridwa amafika ku Lilongwe osadziwa chomwe wapitira, ndipo amakamva dzina la matenda ake pa mzere kuchokera kwa wodwala mnzake, zomwe zimamuchititsa kukayikira mawu ena onse a achipatala.

Khansa ikapezeka itayala kale moti singachizike, liwu loti thandizo limafunika kulisamala kwambiri, chifukwa m'Chichewa limaphimba kuchiza ndi kuchepetsa ululu komwe. Kunena kuti “palibenso chomwe tingachite” ndi kulakwitsa, popeza morofini wakumwa amachepetsa ululu waukulu, fungo ndi kutaya magazi zili ndi mankhwala ake, ndipo chisamaliro chotere chimaperekedwa m'zipatala za m'maboma komanso m'malo monga Ndi Moyo ku Salima, omwe adayambitsidwa ndi namwino Lucy Finch. Koma kunena kuti “mukalandira thandizo” osafotokoza mtundu wake kumachititsa banja kugulitsa munda pofuna machiritso omwe sadalonjezedwe. Mawu oyenera amalekanitsa ziwirizi poyera, kuti matendawa sangachotsedwe koma ululu ungathe kuchepetsedwa ndipo achipatala sasiya kumuona, kuti banja lidziwe pomwe liyenera kuika ndalama zake zochepa ndi masiku omwe lili nawo.