Reshiyo Kapena Ruti: Muyeso Uti Pamndandanda Wopanda Malire?

Mukamawonkhetsa 1/2 + 1/4 + 1/8 osalekeza, chiwonkhetso chimayandikira 1 koma sichimupitirira. Mndandanda wotere timati ndi wokhazikika. Ina imangokulirakulira mpaka kalekale. Miyeso iwiri yodziwika bwino yowasiyanitsira ndi wa reshiyo, umene d'Alembert analemba mu 1768, ndi wa ruti, umene Cauchy anafalitsa mu 1821.

Pa muyeso wa reshiyo mumagawa nambala yotsatira ndi ya m'mbuyo mwake. Pa wa ruti mumatenga ruti ya n ya nambala ili pamalo a n. Ponseponse simulabadira chizindikiro cha kuchotsera, ndipo mumayang'ana nambala L imene zotsatira zikuyandikira n akamakula. L akachepera 1, mndandanda ndi wokhazikika. Akaposa 1, sukhazikika.

Posankha, yang'anani maonekedwe a nambalazo. Mukaona fakitoriyo, monga 4! = 4×3×2×1, sankhani reshiyo, chifukwa pogawa zambiri zimafafanizana. Pa 2ⁿ/n!, kugawako kumasiya 2/(n+1) yekha, amene amayandikira 0, choncho mndandandawo ndi wokhazikika. Koma nambala yonse ikakwezedwa ku pawa ya n, monga (n/(2n+1))ⁿ, ruti imachotsa pawayo n'kutsala n/(2n+1), amene amayandikira 1/2. Nawonso ndi wokhazikika.

Povuta ndi pamene L akhala 1 ndendende. Apa muyesowo sunagamule chilichonse. Mndandanda wa 1/n ndi wa 1/n² yonse imapereka 1, komabe woyambawo umakula kosalekeza pomwe wachiwiriwo umakhazikika pa π²/6. Ophunzira ambiri akafika apa amathamangira ku ruti, koma n'kutaya nthawi: reshiyo ikayandikira 1, ruti nayonso iyandikira 1. Ruti imapulumutsa pokhapokha zotsatira za reshiyo zikamadumphadumpha osayandikira nambala iliyonse.

Choyamba, fufuzani ngati nambala za mndandandawo zikuyandikira 0. Za n/(n+1) zimayandikira 1, ndiye kuti mukungowonjezera pafupifupi 1 nthawi zonse, ndipo chiwonkhetso sichingakhazikike. Zikayandikira 0 nkhani sinathe, chifukwa za 1/n nazonso zimatero.

Chotsatira ndi kuyerekeza ndi 1/nᵖ, amene amakhazikika pokhapokha p akaposa 1. Tengani n/(n³+1), amene pa reshiyo amapereka 1. Mukachotsa 1 wapansiyo mumatsala ndi n/n³, kutanthauza 1/n². Popeza kuchepetsa nambala yapansi kumakulitsa gawo, nambala iliyonse ya mndandanda wathu ndi yocheperapo kuposa inzake ya 1/n². Zonse n'zoposa 0, ndipo waukuluwo ndi wokhazikika, choncho waung'onowo ndi wokhazikikanso.

Dziwaninso kuti gawo lililonse lomwe pamwamba ndi pansi pali mapawa wamba a n okha, monga n² kapena n³+1, limapereka L = 1 nthawi zonse. Mukaliona, musavutike ndi miyeso iwiriyi, yambani ndi kuyerekeza.