Kalata yofotokoza ndalama zodulidwa pa malipiro

Wantchito akafika ku ofesi ya malipiro n'kunena kuti "mwandidula zambiri mwezi uno", amakhala atawerengera kale. M'mutu mwake muli ndalama imene amayembekezera, m'manja muli pepala la malipiro, lomwe ambiri amangoti peyisilipi, ndipo ziwirizo sizikugwirizana. Kalata yomuyankha ili ndi ntchito imodzi: kumuyendetsa kuchoka pa ndalama imene iye amayembekezera kufika pa imene analandira, kwacha iliyonse ikuoneka kumene yapita. Makalata ambiri amalephera pomwepa. Amangokopera zimene zili kale pa peyisilipi n'kumaliza ndi mawu akuti zonse zili bwino, pomwe munthuyo peyisilipiyo anaiwerenga kale ndipo ndi imene yamubweretsa.

Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limalamula wolemba ntchito kupereka pepala losonyeza malipiro onse asanadulidwe, ndalama iliyonse yodulidwa pamodzi ndi chifukwa chake, ndiponso ndalama yotsala. Choncho wantchito wofunsa za malipiro ake sakuchita mwano, akufunsa chinthu chimene lamulo linamupatsa kale. Vuto n'lakuti peyisilipi imalembedwa m'Chingerezi chachidule, mawu ngati Gross, PAYE ndi Net Pay, ndipo imangotchula ndalama osaonetsa mmene yapezekera.

Asanalembe liwu n'limodzi lomwe, woyankha ayenera kuwerengeranso malipirowo yekha, osadalira kuti makina anatulutsa zoona. Makina amawerengera zimene munthu anawapatsa. Pafunika kuyala patebulo peyisilipi ya mwezi wa dandaulo ndi ya mwezi wapitawo, kalata yolembera munthuyo ntchito, buku la maola a ovataimu, ndi pepala lililonse limene anasainira ngongole kapena adivansi. Pafunikanso kumufunsa funso limene ambiri amaliiwala: amayembekezera kulandira zingati, ndipo anawerengera bwanji? Yankho lake ndilo poyambira kalata yonse.

Chitsanzo chingakhale dalaivala wa pakampani amene malipiro ake ndi K400,000 pa mwezi. Mu Epulo 2024 analandira K317,500 m'manja. Mu Meyi anagwira ovataimu ya K120,000, ndiye amayembekezera K437,500, koma ku banki kunalowa K361,500. Dandaulo lake n'lomveka bwino: K76,000 yapita kuti?

Gawo loyamba la yankho ndi msonkho wa PAYE, umene wolemba ntchito amadula n'kupereka ku bungwe la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Msonkhowu umawerengedwa m'magawo. Pa mlingo umene unayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo ndalama yopitirira K500,000 inkadulidwa 30 peresenti mpaka pa K2,550,000. Mu Epulo dalaivalayu anali ndi K250,000 yokha pamwamba pa gawo lopanda msonkho, choncho msonkho wake unali K62,500. Mu Meyi malipiro ndi ovataimu pamodzi zinafika K520,000. Gawo la K350,000 linadzaza n'kupereka msonkho wa K87,500, ndipo K20,000 yotsala inagwera mu gawo la 30 peresenti n'kupereka K6,000. Msonkho wonse unakhala K93,500, kukwera ndi K31,000.

Apa kalata iyenera kuchedwapo, chifukwa ndi pamene pamabadwira kukayikira kwambiri. Antchito ambiri amaganiza kuti ovataimu ilibe msonkho popeza ndi ya thukuta lapadera. Ena amakhulupirira kuti munthu akangodumpha malire a gawo la msonkho ndiye kuti malipiro ake onse adulidwa pa mlingo wokwera, ndipo pali ena amene amafika pokana ovataimu poopa zimenezi. Zonse ziwiri si zoona. Ovataimu imaphatikizidwa ndi malipiro a mweziwo msonkho usanawerengedwe, ndipo mlingo wokwera umakhudza ndalama yokhayo imene yadumpha malire. Kwa dalaivalayu ndi K20,000 yokha. Pa K120,000 ya ovataimu, K89,000 inatsala yake. Kalata ikanena chiwerengero chimenechi poyera, munthu amaona kuti maola amene anagwira usiku sanapite pachabe. Tsono popeza magawo a msonkhowa amasintha boma likalengeza bajeti, kalata itchule mlingo umene unkagwira ntchito m'mwezi wa dandaulowo, osati wa tsiku lolembera kalata.

Penshoni siifuna mawu ambiri pa nkhani iyi chifukwa sinasinthe. Lamulo la penshoni limati wantchito azipereka zosachepera 5 peresenti ndipo wolemba ntchito aziwonjezera zosachepera 10 peresenti kuchokera m'thumba mwake. Kwa dalaivalayu K20,000 inadulidwa miyezi yonse iwiri, kuwerengera pa malipiro ake okhazikika. Komabe ndi bwino kutchula kuti K40,000 ya kampani siichoka pa malipiro ake, chifukwa mapeyisilipi ena amaionetsa pambali ndipo munthu amayesa kuti nayonso yadulidwa. Chimodzimodzi ndi ndalama ya TEVETA ya 1 peresenti: imeneyo ndi ya wolemba ntchito, ndipo ikapezeka yadulidwa kwa wantchito ndiye kuti palakwika.

Pa K76,000 ija patsala K45,000, ndipo peyisilipi ikusonyeza kuti inadulidwa pobweza adivansi. Ndalama zamtundu uwu n'zosiyana ndi msonkho ndi penshoni. Ziwirizo amadula chifukwa lamulo latero, pomwe adivansi, ngongole ya ku SACCO, ndalama ya chithandizo cha kuchipatala kapena ya bungwe la antchito zimadulidwa chifukwa cha mgwirizano umene munthu analowa yekha. Umboni wake ndi pepala losainidwa, ndipo kalata iyenera kulitchula ndi tsiku lake n'kulumikizapo kope. M'chitsanzo chino pepalalo likuti dalaivala anatenga K90,000 yoti abweze m'miyezi itatu, K30,000 mwezi uliwonse. Wa ku ofesi anailowetsa ngati ya miyezi iwiri. Ndiye kuti K15,000 inadulidwa molakwika, ndipo sizikanadziwika pakanapanda kutsegula fayilo.

Dandaulo lambiri limathera pamenepa: mbali yaikulu ya zodulidwa imakhala yolondola, mbali yaing'ono yolakwika. Kalata yabwino imanena zonse ziwiri poyambirira penipeni, osabisa cholakwa m'ndime yomaliza. Ikhoza kuyamba motere, pambuyo pa tsiku, dzina ndi nambala ya wantchito:

"Bambo, talandira dandaulo lanu lokhudza malipiro a mwezi wa Meyi 2024. Munati mumayembekezera K437,500 koma munalandira K361,500, kusiyana kwake K76,000. Tawerengeranso ndipo tapeza kuti K61,000 inadulidwa moyenera, koma K15,000 tinakudulani molakwika. Pepani chifukwa cha cholakwachi. Ndalamayi tikubwezerani ku akaunti yanu pofika pa 7 Juni."

Kenako pabwere kufotokoza, chinthu chimodzi pa ndime imodzi, motsatira mndandanda wa pa peyisilipi kuti munthu aziwerenga mapepala awiriwo mbali ndi mbali:

"Msonkho wa PAYE unakwera kuchoka pa K62,500 kufika pa K93,500 chifukwa ovataimu yanu ya K120,000 inaphatikizidwa ndi malipiro. Msonkhowu sukhala ndi kampani, umapita ku MRA. Pa adivansi ya K90,000 imene munasainira, tinagwirizana kuti muzibweza K30,000 pa mwezi kwa miyezi itatu, koma tinadula K45,000. Tikakubwezerani K15,000, ngongole yotsala ikhala K60,000, ndipo tidzadula K30,000 mu Juni ndi K30,000 mu Julayi."

Chiganizo chotsirizacho n'chofunika kuposa mmene chikuonekera. Chimauza munthu zimene adzaone pa peyisilipi ya mwezi wamawa, ndipo chimatseka dandaulo lachiwiri lisanabadwe. Tsiku lobwezera nalonso likhale lenileni. Mawu akuti "posachedwapa" alibe tanthauzo kwa munthu amene alandilodi akumudikira pakhomo.

Chilankhulo cha kalata chikhale chimene wantchitoyo amawerenga mosavutika. Ngati fayilo ikufuna Chingerezi, palibe choletsa kulemba makope awiri, ndipo kwa amene kuwerenga kumamuvuta, wina amuwerengere ali awiriwiri. Mawu a pa peyisilipi asiyidwe monga alili kuti awapeze papepala lake, koma lililonse lifotokozedwe kamodzi: Gross ndi malipiro onse asanadulidwe, Net Pay ndi yolowa m'thumba. Ulemu wa "inu" usasowe ngakhale wolandira kalatayo ali wamng'ono pa udindo. Mawu ngati "monga mukudziwa kale" kapena "munayenera kumvetsa" ndi ofunika kuwapewa, popeza amasandutsa funso la ndalama kukhala mlandu wa umbuli. Nkhani zina, monga kuchedwa kuntchito kapena khalidwe la munthuyo, zili ndi kalata yakeyake. Zikalowa muno, wantchito amamva ngati akuopsezedwa chifukwa chofunsa.

Pali zodula zina zimene kalata, ngakhale italembedwa mwaluso chotani, singaziyeretse. Lamulo la ntchito sililola wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Limalola kusalipira masiku amene munthu anajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka, ndiponso kudula ndalama yobwezeretsa katundu amene wantchito anawononga. Pa kujomba, kalata itchule masiku enieniwo ndi mmene malipiro a tsiku limodzi anawerengedwera, ndipo woyankha ayambe waona ngati munthuyo sanapereke kalata ya kuchipatala imene inangokhala mu dirowa ya kapitawo. Pa katundu wowonongeka, itchule chinthucho, mtengo wake ndi umboni wa mtengowo, komanso tsiku limene wantchito anapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake. Woyankha akapeza kuti ndalama inadulidwa chabe chifukwa bwana anakwiya, chimene chatsala ndi kuibweza n'kulemba kuti yabwezedwa.

Ndime yomaliza ya kalata iuze wantchito kopita ngati sanakhutire. Itchule udindo wa munthu woti akamuone pakampanipo ndi nthawi yake, inene kuti akhoza kubwera ndi mnzake kapena nthumwi ya bungwe la antchito, ndipo isabise kuti ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake, kumene nkhani ikakanika imatha kupita ku khothi loona milandu ya ntchito. Olemba ntchito ena amaopa kutchula zimenezi poganiza kuti akumuonetsa munthu njira yowasumira, koma njirayo antchito amaidziwa kale, ndipo mkulu wa leba akaitanitsa mapepala, kalata yowerengera bwino ndiyo imaikira kumbuyo kampani. Kalatayo iperekedwe m'manja kapena mu envelopu yomata, osati kudzera mwa anzake, chifukwa malipiro ndi ngongole za munthu ndi chinsinsi chake. Wantchito asaine kope limodzi lokhala mu fayilo, ndipo pamwamba pa malo osainirapo palembedwe kuti kusainako kukungotsimikiza kuti walandira kalata, osati kuti wavomereza zimene zalembedwamo.