Ina imazindikira chithunzi, ina imachipeka

Mlimi wa chinangwa akaona masamba akuchita mawanga achikasu ndi kupotana, masiku ano akhoza kuloza foni pa tsambalo n'kuuzidwa kuti ndi khate la chinangwa. Mnzake akhoza kulemba pa foni yomweyo mawu akuti "tsamba la chinangwa lodwala khate", ndipo patangopita masekondi ochepa n'kulandira chithunzi cha tsamba limene silinamerepo m'munda wa munthu aliyense. Anthu amangoti zonsezi ndi nzeru za makompyuta, koma ndi ntchito ziwiri zoyenda mosemphana. Yoyamba imalandira chithunzi n'kutulutsa mawu. Yachiwiri imalandira mawu n'kutulutsa chithunzi.

Tiyambe ndi yozindikira. Chitsanzo chabwino ndi Nuru, pulogalamu ya pa foni imene anaikonza a PlantVillage a ku yunivesite ya Penn State ku America mogwirizana ndi bungwe lofufuza za ulimi la IITA. Kwa kompyuta, chithunzi ndi timadontho tambirimbiri, kalikonse kali ndi manambala osonyeza mtundu wake. Pophunzitsa pulogalamuyi, akatswiri anajambula masamba ochuluka n'kulembapo kuti ili ndi labwino, ili lili ndi khate, ili laonongedwa ndi tizilombo. Pulogalamu imayesa kulosera, ikaphonya imakonzedwa pang'ono, n'kuyesanso, mpaka itagwira maonekedwe amene amayendera limodzi ndi nthenda iliyonse. Mlimi akaloza kamera, imazunguliza kabokosi pamene yaona chizindikiro n'kutchula dzina la vutolo.

Pulogalamu yotere imalakwitsa, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Dzuwa likawala kwambiri pa tsamba, mtundu umasintha. Nthenda ikangoyamba kumene, zizindikiro zimakhala zosaoneka bwino. Choopsa kwambiri n'chakuti imangodziwa mayina amene inaphunzitsidwa, choncho ikakumana ndi vuto lachilendo ikhoza kulikankhira ku dzina loyandikana nalo. N'chifukwa chake ndi bwino kuyeza masamba angapo, a m'mwamba ndi a m'munsi, osati limodzi lokha. Komabe ubwino wake ndi uwu: tsambalo lilipo. Mlangizi wa zaulimi akhoza kubwera, kuligwira, n'kunena ngati foni yalondola kapena yaphonya.

Yopeka ilibe tsamba loti munthu akaligwire. Mapulogalamu monga Midjourney ndi Stable Diffusion, amene anatchuka mu 2022, anaphunzira pa zithunzi mamiliyoni ambiri za pa intaneti pamodzi ndi mawu ozifotokoza. Kaphunzitsidwe kake n'kodabwitsa. Amatenga chithunzi chenicheni n'kumachithira madontho osokoneza mpaka chitafanana ndi kanema amene wataya siteshoni, kenako amaphunzitsa pulogalamu kuchotsa madonthowo. Ikazolowera, amaipatsa madontho okhaokha opanda chithunzi kuseri kwake, pamodzi ndi mawu amene munthu walemba. Imayeretsa pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 50, ndipo ulendo uliwonse imakokera maonekedwe ku zimene mawuwo akunena. Popeza madontho oyambira amasintha nthawi iliyonse, mawu omwewo amabala chithunzi china mukawalembanso.

Cholinga chake ndi kutulutsa chooneka ngati chenicheni, osati choona. Tsamba la chinangwa likhoza kutuluka lokongola koma mawanga ake ali a nthenda ina, kapena lili ndi maonekedwe a tsamba la papaya. Zinthu zimene zithunzi zake n'zochepa pa intaneti, monga nkhokwe zathu kapena nsima ya kondowole, ndi zimene imasokoneza kwambiri. Mu Malichi 2023 anthu ambiri padziko anakhulupirira chithunzi cha Papa Fransisko atavala chijekete choyera chofufuma, chonsecho chinapangidwa ndi Midjourney. Kale zithunzi zotere zinkagwidwa msanga poona zala zopitirira zisanu kapena zilembo zosawerengeka pa zikwangwani. Lero zolakwika zimenezi zachepa, moti kufunsa amene anajambula ndi kumene anajambulira n'kodalirika kuposa kuwerenga zala.

Chimene chikusokoneza anthu n'chakuti mapulogalamu ochezera monga ChatGPT tsopano amachita ntchito ziwirizi pa khomo limodzi. Mukatumiza chithunzi cha tsamba n'kufunsa chimene chalivuta, mukugwiritsa ntchito mbali yozindikira. Mukapempha kuti akuonetseni mmene khate limaonekera, mwina mwadzutsa mbali yopeka osadziwa. Ine ndikuona kuti chithunzi chopeka n'choyenera pa chikuto cha buku la nthano kapena pa chikwangwani chotsatsa malonda, koma sichiyenera kulowa m'kabuku kophunzitsa alimi matenda a mbewu. Inu alangizi ndi aphunzitsi, pamene mukufuna kuonetsa nthenda, pitani kumunda mukajambule tsamba lodwaladi.