Manambala Ooneka Bwino Koma Okana Kuwonkhetsedwa

Pulogalamu ya Excel imasunga zolembedwa m'selo iliyonse m'njira zikuluzikulu ziwiri: monga nambala kapena monga mawu. Munthu akalemba 12500, Excel amaiona kuti ndi kuchuluka kwa chinthu, ndipo angathe kuiphatikiza, kuichotsera kapena kuichulukitsa. Koma 12500 yomweyo ingathe kusungidwa ngati zilembo zisanu zondondozana, monga limasungidwira dzina la munthu kapena la mudzi. Diso la munthu silisiyanitsa ziwirizi, pomwe kwa kompyuta n'zosiyana kotheratu. Izi zimachitika kawirikawiri manambala akachokera kwina: ku sitetimenti ya kubanki, ku pulogalamu yowerengera ndalama za kampani, ku lipoti la ndalama zotumizidwa pafoni, kapena akakopedwa pa tsamba la intaneti.

Kuopsa kwa vutoli n'kwakuti silifuula. Fomula ya SUM, yomwe anthu ambiri amawonkhetsera nayo, inapangidwa kuti izidumpha selo iliyonse yokhala ndi mawu, n'cholinga choti mitu ya makolamu isamasokoneze masamu. Ikapeza nambala yosungidwa ngati mawu, imaidumphanso osachenjeza munthu. Manambala onse akakhala mawu, yankho limatuluka 0, ndipo aliyense amadzidzimuka. Chovuta kwambiri ndi pamene owonongeka ali awiri kapena atatu okha pakati pa mazana, chifukwa yankho limaoneka lomveka ngakhale lili loperewera.

Chitsanzo cha malipiro asanu ndi limodzi

Mlembi wa gulu la alimi watenga mndandanda wa ndalama zimene mamembala alipira, n'kuuika m'maselo a B2 mpaka B7. Ndalamazo, m'makwacha, ndi 45000, 12500, 30000, 8200, 27300 ndi 15000. Akaziwonkhetsa pa kakyuleta zikukwana 138,000, ndipo ndi zomwenso zili m'buku la malisiti. Pansi pa mndandandawo walemba fomula iyi:

```
=SUM(B2:B7)
```

Yankho latuluka 98,200. Pasoweka 39,800. Zikatere maganizo amathamangira kwa msungichuma, chonsecho palibe wadya ndalama. Ndalama yosowayo ndi 12,500 kuphatikiza 27,300, zomwe zili m'maselo a B3 ndi B6, ndipo zonse ziwiri zinalowa ngati mawu.

Mmene vutoli limadziwikira

Chizindikiro choyamba ndi mbali imene nambala yatsamira. Ngati munthu sanasinthe kalikonse, Excel amakankhira manambala kumanja kwa selo, mawu n'kuwakankhira kumanzere. M'chitsanzochi, 12500 ndi 27300 zikhala kumanzere pomwe zinzake zili kumanja. Koma chizindikirochi chimafufutika munthu akangoika kolamu yonse pakati kapena kumanja pofuna kukongoletsa tebulo.

Chachiwiri ndi kakona kobiriwira kamene kamaoneka pamwamba chakumanzere kwa selo. Munthu akadina seloyo, pambali pamatuluka chenjezo lakuti Number Stored as Text. Kakonaka n'kothandiza, koma sikaoneka nthawi zonse. Kangathe kuzimitsidwa, komanso nthawi zambiri sikatuluka ngati m'selomo muli chilembo china chobisika chomwe chikupangitsa Excel kuti asaganizire n'komwe kuti zimenezo ndi nambala.

Njira yodalirika ndi kuwerenga maselo kawiri, ndi mafomula awiri osiyana:

```
=COUNTA(B2:B7)
=COUNT(B2:B7)
```

COUNTA imawerenga selo iliyonse yomwe muli kanthu, pomwe COUNT imawerenga zokhazo zomwe muli manambala enieni. Kwa mlembi uja, yoyamba ipereka 6, yachiwiri ipereka 4. Kusiyana kwa 2 kukusonyeza kuti maselo awiri ndi mawu. Kuti adziwe kuti ndi ati, alemba =ISTEXT(B2) m'kolamu yapambali n'kuikokera mpaka pansi. Pa B3 ndi B6 patuluka TRUE, kwina konse FALSE.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Akalemba =B2+B3, yankho limatuluka 57,500 bwinobwino, iwo n'kuganiza kuti B3 ilibe vuto. Chimachitika n'chakuti chizindikiro cha + chimakakamiza Excel kuyesa kusandutsa mawuwo nambala pa nthawi yomweyo, pomwe SUM siyesa n'komwe. Chizindikirocho chikalephera, monga zingachitikire pa B6, pamatuluka #VALUE!. Choncho maselo omwewo angapereke mayankho awiri osiyana malinga ndi njira yowonkhetsera.

Kumene vutoli limachokera

Gwero loyamba ndi pulogalamu yotulutsa lipoti. Mapulogalamu ambiri amakonza malipoti kuti aziwerengedwa ndi maso kapena kusindikizidwa, ndiye amatumiza chilichonse ngati mawu. Nthawi zina kolamu yolandira inali itaikidwa kale pa Text, motero chilichonse cholembedwamo chimasanduka mawu. Penanso kutsogolo kwa nambala kumakhala kachizindikiro ka ', komwe sikaoneka m'selo koma kamaoneka pamzere wa fomula pamwamba.

Gwero lachiwiri ndi zilembo zobisika. Chofala kwambiri ndi mpata wapadera umene masamba a intaneti amaugwiritsa ntchito kuti mawu awiri asalekane kumapeto kwa mzere. Mpata wamba uli ndi nambala 32 pa mndandanda wa zilembo za kompyuta, pomwe wapaderawu ndi 160. Maonekedwe ndi amodzimodzi, koma fomula ya TRIM, yomwe anthu amachotsera mipata, imachotsa wa 32 wokha.

Gwero lachitatu ndi kalembedwe ka manambala m'maiko osiyanasiyana. Ku Malawi ndi ku Zambia amalemba 1,250.50, pomwe m'kalembedwe ka Chipwitikizi, monga ku Mozambique, tizigawo timalekanitsidwa ndi koma, ndipo ndalama yomweyo ingalembedwe 1.250,50. Kompyuta yotcheredwa pa kalembedwe ka Chingerezi ikalandira 1.250,50 siimvetsa, ndiye imaisiya ngati mawu. Mapulogalamu ena a zachuma, monga SAP, amaika chizindikiro chochotsera kumapeto, 500- m'malo mwa -500, ndipo imeneyinso imakhala mawu. N'chimodzimodzi ndalama zolembedwa MK45,000 kapena zotsatiridwa ndi CR ndi DR pa sitetimenti ya kubanki.

Kukonza kwake

Anthu ambiri amayamba ndi kusankha kolamu yonse n'kuisintha kuchoka pa Text kupita pa Number, kenako amadabwa kuti yankho silinasinthe. Kusintha kumeneku kuli ngati kumata pepala lolembedwa kuti "mpunga" pa thumba la chimanga: zam'kati zimakhala zomwe zija. Kumangosintha mmene zinthu zidzaonekere, ndipo Excel amawerenganso seloyo pokhapokha wina akailowa ndi F2 n'kudina Enter. Pa maselo awiri zimenezo n'zotheka, koma osati pa masauzande.

Kwa B3, yomwe ndi 12500 yopanda chobisika, njira yachidule ndi kudina chenjezo lija n'kusankha Convert to Number. Maselo akakhala ambiri, munthu asankhe onse, kuyambira pa selo yomwe ili ndi kakona kobiriwira, ndipo asintha nthawi imodzi. Njira ina ndi kuika kolamuyo pa General, kupita pa Data, kudina Text to Columns, kenako Finish. Apa Excel amawerenganso selo iliyonse ngati yangolembedwa kumene. M'gawo lomaliza la Text to Columns muli batani la Advanced, momwe munthu angauze Excel kuti tizigawo talekanitsidwa ndi chiyani, komanso kuti 500- aziwerenga ngati -500.

B6 ikana njira zonsezi, ndipo apa m'pofunika kufufuza. Nambala ya 27300 ili ndi zilembo zisanu, koma =LEN(B6) ipereka 6. Ndiye kuti muli chilembo chimodzi chosaoneka. Fomula ya =CODE(RIGHT(B6,1)) imaulula chilembo chomaliza, ndipo pa kompyuta ya Windows ipereka 160. Chobisikacho chikadziwika, kuchichotsa n'kosavuta:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(B6,CHAR(160),""))
```

SUBSTITUTE ikuchotsa mpata wapadera uja, VALUE n'kusandutsa zotsalazo nambala. Gawo lachiwirili n'lofunika chifukwa SUBSTITUTE payokha imatulutsa mawu nthawi zonse. Fomulayi imalembedwa m'kolamu yatsopano, n'kukokeredwa pansi pa mizere yonse, ndipo pamapeto zotulukazo zimakopedwa n'kuikidwa pa malo akale posankha Paste Special ndi Values. Njira yomweyi imachotsanso MK kapena CR, bola munthu akumbukire kuti CR ndi DR zimasiyanitsa ndalama yolowa ndi yotuluka, kotero kuzifufuta mosasamala kumaphatikiza zinthu zofunika kuchotserana.

Za kalembedwe ka maiko ena pali fomula yakeyake, yomwe inayamba mu Excel 2013:

```
=NUMBERVALUE(B2,",",".")
```

Fomulayi ikuuza Excel kuti koma ndi wa tizigawo, kadontho ndi ka masauzande, motero 1.250,50 isanduka 1250.5. Apa pamafunika tcheru, chifukwa si zonse m'fayilo yotere zimene zimatsalira ngati mawu. Ndalama yolembedwa 1.250 yopanda tizigawo ingalowe ngati nambala yeniyeni 1.25, ndipo COUNT siiona ngati vuto. Fayilo yotere ndi bwino kuilowetsa kudzera pa Data ndi From Text/CSV, momwe munthu angasankhe dziko limene kalembedweko kachokera manambala asanasinthidwe.

Akamaliza kukonza, mlembi abwereze mayeso aja. COUNT ndi COUNTA zonse zipereke 6, ndipo SUM ipereke 138,000, kufanana ndi buku la malisiti. Kuyerekeza ndi chiwonkhetso chochokera kwina, monga cha pansi pa sitetimenti ya kubanki, ndiye umboni weniweni woti ntchito yatheka.

Manambala oyenera kukhalabe mawu

Si chilichonse cholembedwa ndi manambala chimene chiyenera kusinthidwa. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 ikasandutsidwa nambala yeniyeni, 0 uja amagwa. Excel amasunganso manambala 15 okha oyambirira molondola, kotero nambala ya khadi yakubanki yokhala ndi manambala 16 imataya yomaliza, yomwe imasanduka 0, ndipo siibwereranso fayilo ikasungidwa. Manambala a akaunti, a malisiti ndi a ziphaso ndi maina chabe. Palibe amene amawawonkhetsa.

Chofunika pa manambala oterewa n'chakuti akhale a mtundu umodzi m'matebulo onse. Nambala ya membala ikakhala mawu m'tebulo lina koma nambala m'linzake, VLOOKUP ipereka #N/A ngakhale munthu akuona ndi maso kuti 1045 ilipo mbali zonse. Choncho fayilo ikangofika, kolamu iliyonse iyesedwe ndi funso limodzi: kodi zimenezi zidzachitiridwa masamu? Ndalama, makilogalamu ndi chiwerengero cha katundu zisandutsidwe manambala n'kutsimikizidwa ndi COUNT, pomwe manambala ozindikiritsa munthu kapena chinthu aikidwe pa Text asanalowe n'komwe m'tebulo.